Siginifikanti yanuyo ndi matumba angati?

Pali liwu limodzi limene ndatopa nalo m'mawekishopu a kuno ku Chipata, ndi lija lakuti siginifikanti. Mukhala mu holo ya pa loji, fani ikuzungulira koma thukuta lili kamukamu, munthu wa bungwe waima kutsogolo ndi pulojekita yake, akafika pa tebulo ija yodzaza timanambala amakweza mawu nkuti monga muona apa zotsatira zathu ndi siginifikanti, p ili pansi pa 0.05, basi anthu m'manja, a kopaletivu akugwedeza mutu, mawa lake pa wailesi mumva ati kafukufuku watsimikiza kuti zokolola zakwera kwambiri. Ine funso langa limakhala limodzi chabe ndipo ena amandida nalo: ndi matumba angati? Nthawi zambiri munthu uja amayamba kubweza masilaidi kumbuyo kufunafuna yankho, kusonyeza kuti iye mwini sanadzifunsepo.

Vuto limayambira pa liwu lomwelo. Mu Chizungu cha tsiku ndi tsiku limatanthauza chinthu chachikulu, chofunika, choti munthu aimirire. Koma kwa anthu a masamu a kafukufuku limatanthauza kanthu kochepa kwambiri, kakuti kusiyana kumene mwaonako nkovuta kukufotokoza ndi mwayi wokha. Basi. Silinena kukula kwake, silinena ngati muli phindu. Manje womasulira pa tsiku la chionetsero cha m'munda akamva liwulo alibe nthawi yoganiza zonsezo, amangoti "kusiyana kwakukulu", ndipo amayi amene ayenda wapansi kuchokera kumudzi amabwerera ndi uthenga umene kafukufuku sananene.

Chimene chimandiseketsa nchakuti chida chimenechi chinabadwira m'munda momwemo. Ronald Fisher anayamba nchito pa malo ofufuzira zaulimi a Rothamsted ku Mangalande mu 1919, kuwerengera zokolola za tirigu ndi za manyowa, nchito yofanana ndi imene imachitika kuno ku Msekera, ndipo mu buku lake la 1925 ndi mmene mzere wa 0.05 unatchukira. Anausankha chifukwa unali wosavuta kugwiritsa nchito, kamodzi pa 20, osati kuti unatsika kumwamba. Ife tautenga ngati mzere wa pa mayeso, amene wadutsa wapambana amene watsala wafeluka.

Tiyeni tiyale chitsanzo. Manambala otsatirawa ndi anga ongoyerekeza, ndawasankha kuti masamu asatizunguze, kupatulapo mtengo wa chimanga. Tinene kuti pali busta wina wopopera pa masamba a chimanga, ndipo bungwe lina lamuyesa m'minda 2,500 m'chigawo chino. Achita bwinobwino, achita maere, minda 1,250 apopera, minda 1,250 sanapopere. Pokolola, avareji ya osapopera yatuluka makilo 2,000 pa hekitala, ya opopera 2,050. Kusiyana makilo 50, thumba limodzi pa hekitala yonse.

Minda siibala mofanana, aliyense adziwa. Wina ali kudambo, wina pa mchenga, wina anabzala mvula yoyamba wina anadikira ng'ombe za apongozi mpaka Khisimisi. Kumwazikana kumeneku pa kompyuta kumalembedwa SD, ndipo tinene kuti ndi makilo 500. Funso limene masamu amayankha ndi lakuti, ndi minda yosiyanasiyana chonchi, kodi avareji ya magulu awiri ingasiyane ndi makilo angati pa yokha, popanda busta kuchitapo kanthu? Muyeso wa kugwedezeka kumeneko amaulemba SE, ndipo magulu akakhala ofanana kukula umapezeka motere:

```
SE = SD × √(2/n)
```

Pamenepo n ndi minda ya gulu limodzi. Ndi 1,250 mbali iliyonse SE ituluka makilo 20. Thumba lathu la makilo 50 lapitirira kugwedezeka kuja kawiri ndi theka, ndiye kompyuta ikupatsani p pafupifupi 0.012, kanyenyezi pambali, siginifikanti. Tanthauzo lake ndi ili: busta akanakhala madzi chabe, kusiyana kwa makilo 50 kapena kuposa kukanaoneka kamodzi chabe pa mayeso pafupifupi 80 otere. Sizitanthauza kuti pali 99 peresenti yoti busta ndi wabwino, ngakhale ndamvapo anthu a madigiri akukamba choncho pamaso pa bwanamkubwa osaphethira.

Lomba onani matsenga. Busta yemweyo, thumba limodzi lomwelo, koma minda ikhale 50 mbali iliyonse. SE ikwera kufika makilo 100, p ifika cha pa 0.6, nyenyezi yazima. Chasintha nchiyani m'munda? Palibe. Chasintha ndi kuchuluka kwa minda imene munayeza, ndiye kuti ndalama za mafuta a galimoto ndi alawansi ya olemba deta. Zili ngati sikelo. Sikelo ya vendala wa pamsewu mukaikapo kambale ka chimanga pamwamba pa thumba mwina singano siisuntha, koma ija ya mu labu imamva olo njere imodzi. Kafukufuku wa minda masauzande ndi sikelo ya mu labu, amamva tinthu tating'ono, ndipo kusuntha kwa singano sikunena kuti chaikidwapocho nchokwana kudyetsa banja.

Ndiye tiyeni tifunse funso la mlimi. Mu 2024 a FRA, bungwe la boma logula ndi kusunga chimanga, ankagula thumba la makilo 50 pa K330. Tinene kuti busta uja, kuphatikiza kubwereka sipuleya ndi kulipira mnyamata wopopera, adya K660 pa hekitala. Amenewo ndi matumba awiri, makilo 100, ndiwo mzere weniweni umene busta ayenera kudumpha kuti mlimi angobweza ndalama yake, tisanakambe za phindu. Iye wabweretsa thumba limodzi. Mwaika K660 mwatola K330. Ndipo alimi athu ambiri saganiza m'mahekitala, amaganiza m'malima, pa lima imodzi thumba lija likhala makilo 12 ndi theka, chimanga chosadzaza nkomwe tini ya malita 20.

Wina anganene kuti iyayi, 50 ndi avareji ya kafukufuku chabe, mwina mphamvu yeniyeni ya busta ndi yoposa apo. Zoona, ndipo apa ndi pamene malire amathandiza, aja amawatcha konfidensi intavo, amene ine ndimawaona ofunika kuposa p kakhumi koma m'malipoti amabisala ku mapeji akumapeto. Ndi minda yambiri chonchi mumatenga SE kawiri, kuchotsa ndi kuonjezera. Apa ndi 50 kuchotsa 40 ndi 50 kuonjezera 40, ndiye kuyambira makilo 10 mpaka 90. Malirewa akamba zinthu ziwiri nthawi imodzi. Choyamba, ziro mulibe, ndiye busta akuoneka kuti amachitadi kanthu, ndi uthenga womwe uja wa p. Chachiwiri, chimene p sanganene olo mutamufinya bwanji, nchakuti ngakhale kumtunda kwenikweni, pa 90, simunafike pa 100. Kafukufuku ameneyu ndi wamphamvu ndithu, koma chimene wasonyeza mwamphamvu nchakuti pa mtengo uwu busta sabweza ndalama. Lipoti loona likanakhala nkhani yochenjeza alimi, m'malo mwake limasanduka posita ya pa shopu ya zaulimi.

Mbali inayo ya vutoli anthu saikamba kwambiri koma kwa ine ndiyo yowawa, chifukwa imapha zinthu zabwino. Tinene kuti mlangizi wina wa kampu, alibe ndalama za bungwe, wayesa kasinthasintha. Minda 8 wabzala chimanga pamene chaka chatha panali soya, minda 8 chimanga pa chimanga monga mwa masiku onse. Kusiyana kwatuluka makilo 400 pa hekitala, matumba 8. Ndi SD yomwe ija ya 500, SE ndi makilo 250, p cha pa 0.13. Palibe nyenyezi. Ndiye mwana wa ku koleji amene akumuthandiza kulemba, poopa supavaiza, amalemba kuti palibe kusiyana pakati pa njira ziwirizi. Limenelo ndi bodza, ngakhale walinena mosadziwa. Malire ake, amene pa minda yochepa chonchi amatambasuka kuposa kawiri SE pang'ono, achokera pa kutaya makilo pafupifupi 140 mpaka kupindula pafupifupi 940. M'matumba ndiye kuti mwina mutaya atatu, mwina mupeza 19, ndipo pakati pake ndi 8. Amenewo si mawu akuti palibe kusiyana, ndi akuti minda inachepa, sitinathe kuona bwino. Munthu akasuzumira m'nkhokwe usiku opanda tochi nkusaona kanthu sanganene kuti mulibe chimanga.

Ikani ziwirizi pamodzi muone mmene nyenyezi imasocheretsera. Chokhala ndi nyenyezi chimaluzitsa mlimi, chopanda nyenyezi ndi chimene chikanayenera kupatsidwa ndalama kuti chiyesedwenso chaka chamawa. Amene amangowerenga p asankha busta.

Izi si nzeru zanga za pansi pa mtengo wa mango ayi. Mu 2016 bungwe la akatswiri a masamu a kafukufuku la ku Amereka linatulutsa chikalata chochenjeza, ndipo imodzi mwa mfundo zake inali yomweyi, yakuti p siyeza kukula kwa chinthu kapena kufunika kwake. Mu 2019 asayansi oposa 800 anasainira nkhani mu magazini ya Nature yopempha kuti chizolowezi chogawa zotsatira pawiri, izi siginifikanti izi ayi, chilekeke, ndipo chimene chinawapweteka kwambiri ndi chija cholemba kuti palibe kusiyana pamene malire ali otambalala. Ine sindifika poti p itayidwe kudzala. Ili ndi nchito yake, imatiletsa kuvina chifukwa cha minda iwiri imene inangochita mwayi ndi mvula. Koma ikhale kumbuyo, kutsogolo kukhale matumba.

Manje kalembedwe, pakuti apa ndi pamene anthu abwinobwino amachimwira. Chiganizo chimene ndimachipeza kawirikawiri ndi chonga ichi: "Kafukufuku watsimikiza kuti busta amakweza zokolola kwambiri." Muli mawu atatu olakwa. Watsimikiza ndi liwu la m'khoti, kafukufuku mmodzi wa nyengo imodzi satsimikiza, amasonyeza kapena amapeza. Kwambiri ndi siginifikanti uja atavala malaya a Chichewa, chotsani muikepo nambala. Ndipo amakweza akumveka ngati lamulo la chaka chilichonse ndi dothi lililonse, pamene inu munayeza chaka chimodzi. Tonse tikumbukira chilala cha 2024, zimene munapeza m'chaka cha mvula yabwino simungalumbire kuti zikanaoneka chaka chimenecho.

Ine ndikanalemba chonchi: "M'minda 2,500 imene tinayesa nyengo imodzi, yopopera busta inakolola pa avareji makilo 50 pa hekitala kuposa yosapopera, 2,050 poyerekeza ndi 2,000. Deta ikugwirizana ndi phindu la pakati pa makilo 10 ndi 90. Kuti mlimi abweze mtengo wa busta pafunika makilo 100, choncho pa mitengo ya lero sitikulimbikitsa kugula." Nchachitali, inde, sichikwana pa tisheti. Koma mlangizi akachiwerenga adziwa chokauza anthu, ndipo mtengo wa busta ukadzatsika kapena wa chimanga ukadzakwera angathe kubwereza masamu yekha osakufunani.

Onaninso kuti ndaika manambala onse awiri, 2,050 ndi 2,000, osati peresenti yokha. Peresenti yoyenda yokha ndi wakuba. Mu 1995 ku Mangalande boma linachenjeza kuti mapilitsi ena atsopano olera amachulukitsa kawiri ngozi ya magazi kuundana m'mitsempha, azimayi ambiri anachita mantha nkuleka kumwa, mimba zosakonzekera zinachuluka. Kawiri kameneko kanali kuchoka pa mayi mmodzi kufika pa awiri mwa azimayi pafupifupi 7,000. Chiganizo sichinali chabodza, koma chinabisa pamene chayambira. Kwathu kuno zimachitika mukamva ati zokolola zakwera ndi theka, osakuuzani kuti ndi kuchoka pa matumba awiri kufika atatu.

Liwu lina loyenera kulisamala ndi lakuti chifukwa. Mu chitsanzo changa ndinati anachita maere, ndipo maerewo ndi amene amakupatsani chilolezo chonena kuti busta ndiye wabweretsa kusiyana. Koma malipoti ambiri amene ndimaona sanachite maere, anangopita m'midzi ndi mafomu kufunsa kuti munagula busta kapena ayi, munakolola zingati. Amene amagula busta ndi ndani? Ndi uja ali ndi ng'ombe zake, fataleza wake anagula Okutobala, amapalira pa nthawi chifukwa ali ndi ya ganyu. Ameneyo akanakolola zambiri olo akanapopera madzi a pachitsime. Apa p ingakhale yaing'ono mpaka maziro anayi koma siithandiza, imangonena kuti magulu awiriwa ndi osiyana, chimene tinkadziwa kale poona madenga a nyumba zawo. Zikatero lembani kuti alimi amene anagwiritsa nchito busta anakolola zambiri, ndipo muonjezere kuti alimiwa amasiyana ndi anzawo m'zinthu zinanso. Osalemba kuti busta anakweza.

Pali kachinyengo kena kamene kamachitika usiku lipoti likufunika mawa. Zonse pamodzi sizinatulutse nyenyezi, ndiye munthu amayamba kuduladula deta, Katete payekha, Petauke payekha, Chadiza, Lundazi, amuna okha, akazi okha, obzala msanga, mpaka penapake kanyenyezi kathwanima, basi mutu wa lipoti ukhala pamenepo. Kumbukirani kuti 0.05 ndi kamodzi pa 20. Mukayesa zinthu 20 zimene zilibe kanthu, yembekezani kuti chimodzi chithwanima mwa mwayi. Njira yogwirira munthu wotere ndi kumufunsa kuti munayesa magulu angati onse, ndipo munalemba liti kuti mudzayang'ana gulu limeneli, musanaone deta kapena mutaona? Kuduladula sikuletsedwa, koma nenani kuti tinayang'ana magulu 20, ili ndi limene linaoneka, lifunika kuyesedwanso palokha.

Anzanga a m'mabungwe ali ndi yankho, ndipo sindilinyoza chifukwa nanenso ndadyapo za mapulojekiti. Amati ukalemba mofatsa choncho eni ndalama sakupatsanso, iwo amafuna nkhani yokoma, amene walemba kuti tasintha miyoyo ndiye amapitiriza nchito ndipo madalaivala ndi olemba deta ako amakhala ndi malipiro. Ndimamva. Koma bilu ya chiganizo chokomacho amalipira ndi munthu amene sanali mu holo, uja wagulitsa mbuzi kuti agule botolo. Ndipo alimi saiwala, chaka chamawa mukabwera ndi chinthu chenicheni chothandiza adzakuyang'anani ngati aja a chaka chatha, mlangizi wa kampu ndiye amatsala ndi manyazi poti inu mwabwerera ku Lusaka.

Yankho lina ndi lanzeru kuposa, ndipo ndilivomera theka. Amati kanthu kakang'ono sikutanthauza kopanda pake. Zoonadi. Thumba limodzi lomwelo pa hekitala likanakhala kuti likubwera ndi chinthu chaulere, tinene kusintha katalikidwe ka mapando pobzala, ndiye pa mahekitala 100,000 ndi matumba 100,000, nduna iyenera kumva. Ndiye sindikunena kuti chaching'ono chitayidwe, ndikunena kuti kukula kapena kuchepa kwa chinthu sikuli mu kompyuta, kuli pa mtengo wake, pa thukuta limene chimafuna, ndi pa amene akufunsa. Kwa boma thumba pa hekitala ndi nkhani, kwa amayi a lima imodzi amene auzidwa kuti agule botolo si nkhani. Nchifukwa chake mzere uja wa makilo 100 uyenera kuikidwa kafukufuku asanayambe, ndipo oika asakhale wa masamu yekha. Khalani pansi ndi alimi ndi alangizi muwafunse kuti chinthu ichi chikupatseni matumba angati kuti muvutike nacho. Mukauika mutaona kale zotsatira, mtima umaukokera pamene pakukomerani, tonse ndife anthu.

Ubwino wina wofunsa funsoli poyamba ndi wakuti limakuuzani minda imene mufunika. Tibwerere kwa mlangizi wa soya uja. Lipoti lake loona likanati: "M'minda 16, chimanga chotsatira soya chinaposa chinzake ndi matumba 8 pa hekitala, koma minda inali yochepa ndipo deta ikugwirizana ndi chilichonse kuyambira kutaya matumba atatu mpaka kupindula 19. Sitinganene motsimikiza, tikupempha kuyesanso." Ndipo kuyesansoko sikufuna masauzande. Ngati phindu lenileni lili pa matumba 8 ndipo SD ndi 500 yomwe ija, minda pafupifupi 25 mbali iliyonse imupatsa mwayi wa 8 pa 10 woti aone kusiyanako bwinobwino. Minda 50, makampu awiri kapena atatu atagwirizana, sikelo imodzi yokhulupirika, ndipo chimanga chiyezedwe chitauma mofanana, chifukwa china chikayezedwa chili chachiwisi madzi okhawo angakupatseni matumba amene kulibe.